Uthenga wa tsiku lobadwa ufike 12 koloko ya usiku ku Toronto: nditchere nthawi yanji kuno?

Tadala (Lolemba, 20 Okutobala 2025)

Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Achemwali anga amakhala ku Toronto, ku Canada, ndipo pa 4 Novembala akukwanitsa zaka 40. Iwowa ndi amene anandilera bambo athu atamwalira, ndiye chaka chino ndikufuna uthenga wanga ukhale woyamba kuwafika, tsiku lawo likangoyamba 12 koloko ya usiku kwawoko. Vuto ndi lakuti sabata imeneyo ndidzakhala ndikugwira ntchito yausiku. Timaweruka hafu pasiti seveni m'mawa, ndipo mafoni timawasiya ozimitsa m'maloka. Choncho ndikufuna ndiutcheretu kuti udzapite wokha. Ndayang'ana pa intaneti, ikusonyeza kuti Toronto ali m'mbuyo ndi maola 6. Nditchere nthawi yanji? Nanga pa WhatsApp zimatheka?

Limbani

N'zosavuta izo mlongo. Kusiyana ndi maola 6, ndiye chotsani 6 pa 12 koloko ya usiku. Mutchere 6 koloko madzulo pa 3 Novembala. Ine ndimachita chimodzimodzi ndi mwana wanga wa ku Sydney, ndimatumiza dzuwa lisanalowe dzulo lake.

a Mwale

A Limbani, mwalozera kolakwika. Njira yanuyo ndi ya amene ali kum'mawa kwathu monga Sydney, kumene kumacha ife tisanadzuke. Toronto ali kumadzulo. Ife tsiku limayamba kutifikira, iwo limawapeza mochedwa. Kuno ikamakwana 12 koloko ya usiku kulowa pa 4, kwa achemwali a Tadala kukhala kudakali madzulo a pa 3, mwina asanadye n'komwe. Ndiye maolawo timawonjezera, sitichotsa. Tadala akatchera 6 koloko madzulo pa 3, uthengawo ukawapeza masana a pa 3, tsiku lawo lisanayandikire.

Koma Tadala, ngakhale kuwonjezerako musathamangire 6 koloko m'mawa. Yankho ndi 7 koloko m'mawa pa 4 Novembala.

Tadala

7 koloko bwanji a Mwale? Ndayang'ananso pompano. Kuno ndi 20:15, ku Toronto intaneti ikuti 14:15. Si maola 6 amenewo?

a Mwale

Intanetiyo sikunama, koma ikukuuzani za lero. Ku Toronto amasintha mawotchi kawiri pachaka. Lamlungu lachiwiri la Malichi amawakankhira kutsogolo ndi ola limodzi kuti madzulo kuziwala nthawi yaitali, ndipo Lamlungu loyamba la Novembala amawabweza. Chaka chino Lamlungu limenelo ndi pa 2 Novembala. Usiku umenewo ikadzakwana 2 koloko, mawotchi awo adzabwerera pa 1 koloko. Tsiku la achemwali anu likugwa masiku awiri chabe zimenezi zitachitika.

Tiwerenge bwinobwino. Dziko lonse limayezera nthawi pa muyezo umodzi womwe mumauona pafoni utalembedwa UTC. Ife tili maola awiri kutsogolo kwake chaka chonse, sitisuntha. Toronto lero ali maola 4 kumbuyo kwake, ndiye 2 kuphatikiza 4 ndi 6 yomwe mukuyionayo. Kuyambira pa 2 Novembala adzakhala maola 5 kumbuyo, ndipo 2 kuphatikiza 5 ndi 7. Mukatchera 6 koloko m'mawa, pafoni ya achemwali anu padzalembedwa kuti uthenga wafika 11 koloko usiku pa 3 Novembala. Mudzakhaladi woyamba, koma tsiku lolakwika.

Chikondi ku Leeds

A Mwale akunena zoona za ola losinthalo, koma tsiku aphonya. Mawotchi tikubweza Lamlungu likubwerali, pa 26 Okutobala, osati pa 2 Novembala. Ndakhala kuno zaka zisanu ndi ziwiri, nthawi zonse ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala. Kuntchito kwathu amata kale chikalata chokumbutsa anthu.

a Mwale

Achemwali Chikondi, kwanuko ndi choncho ndithu. Britain ndi mayiko ambiri a ku Ulaya amasintha Lamlungu lomaliza la Malichi ndi lomaliza la Okutobala. Koma Canada ndi America ali ndi masiku awoawo, sayendera limodzi ndi inu. N'chifukwa chake pamakhala sabata imodzi chaka chilichonse yosokoneza anthu ngati inuyo. Lero pakati pa Leeds ndi Toronto pali maola 5. Kuyambira pa 26 Okutobala mpaka pa 2 Novembala padzakhala maola 4, chifukwa inu mudzakhala mutabweza kale iwo asanabweze. Kenako adzabwerera pa 5. Mu Malichi mpatawo unali waukulu kuposa pamenepa: chaka chino Toronto anasintha pa 9, inu pa 30.

Chikondi ku Leeds

Aa, ndiye n'chifukwa chake! Mu Malichi ndinaimbira mnzanga wa ku New York pa nthawi yomwe timaimbirana masabata onse, ndinamupeza ali kale pabasi. Ndimayesa wasintha yekha ndondomeko yake. Komabe kwa Tadala sizisintha kanthu eti? Pofika pa 4 onse adzakhala atabweza.

a Mwale

Inde, kwa Tadala ndi 7 koloko basi.

Gogo NaSoko

Mwana wanga Tadala, uthenga wa munthu amene anakulera usamaukopere kwa ena. Ulembe wekha. Uwakumbutse chinthu chimodzi chimene anakuchitira chomwe iwo akuganiza kuti unaiwala, ndipo uwatchule dzina lomwe unkawaitanira uli mwana. Ukafuna ndikuthandize mawu undilembere kumbali.

Tadala

Zikomo agogo. Mawu ndalemba kale, ndipo amayi ndinawajambula kavidiyo akuwadalitsa. Chomwe chikundivuta ndi nthawi yoti zifikire. Koma la dzina laubwanalo mwandikumbutsa bwino, ndiwonjezera.

Gogo NaSoko

Oo, ndinamva ngati ukusowa mawu. Nanga usiku pakati ungadzutsirenji munthu wogwira ntchito? Mwana wa mng'ono wanga ali kunja, koma ine ndimadikira kwawoko kuche.

Yamikani

Agogo afunsa funso lenileni, koma ndiyambe ndi langa. Ine zinandivuta popanda kusiyana kwa nthawi kulikonse. Akazi anga anali ku Johannesburg, komwe wotchi ndi imodzimodzi ndi yathu chaka chonse. Tsiku lawo ndi 15 Juni. M'mutu mwanga ndinkati uthenga upite "usiku wa pa 14", ndiye ndinasankha deti la 14 n'kuika `12:00 AM`. Unapita usiku wa pa 13 kulowa pa 14, tsiku lathunthu lisanakwane. Anandiyankha m'mawa mwaulemu kuti zikomo, koma ndinamva m'mawu mwawo kuti akuganiza kuti ndasokoneza deti. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndinali nditakonzekera sabata yonse.

Foni imawerenga 12 koloko ya usiku ngati chiyambi cha tsiku, osati mathero ake. `12:00 AM` ya pa 15 ndi mphindi yoyamba ya pa 15. Ndipo `12:00 PM` ndi masana, dzuwa lili paliwombo. Kuchokera pamenepo foni yanga ndinaiika pa maola 24, ndimalemba `00:01` pa deti lenileni la kubadwa, kuti pasakhale chondizunguza.

Limbani

Pepani Tadala, ndikanakusokeretsani. Koma a Mwale, ndiye kuti inenso ndi Sydney ndimalakwitsa? Mnyamata wanga anabadwa pa 12 Disembala. Ndimatumiza 4 koloko madzulo pa 11, chifukwa atangopita anandiuza kuti ali kutsogolo ndi maola 8.

a Mwale

Anapita mwezi wanji?

Limbani

Julaye.

a Mwale

Ndiye ananena zoona za Julaye. Ku Sydney nyengo yotentha imagwa limodzi ndi yathu, choncho amakankhira mawotchi kutsogolo Lamlungu loyamba la Okutobala n'kudzawabweza Lamlungu loyamba la Epulo. Mu Julaye ali maola 10 kutsogolo kwa UTC, kusiyana ndi ife ndi 8. Mu Disembala ali maola 11, kusiyana ndi 9. Tsiku lake limayamba kuno ili 3 koloko masana pa 11 Disembala. Inu mwakhala mukufika 1 koloko ya usiku kwawoko. Deti simunaphonye, mumangochedwa ndi ola.

Limbani

Zaka zitatu osandiuza mwanayu! Mwina amakhala atagona. Chaka chino ndi 3 koloko.

Mphatso K.

Ndikulowererako. Ine ndinamva kuti ku Ontario, chigawo chomwe kuli Toronto, anapanga lamulo loti asiye zosinthasintha mawotchizi. Mlamu wanga ndi amene anandiuza. Ngati ndi choncho 6 koloko ya Tadala ija ndi yolondola.

a Mwale

Alamu anu anamva mbali imodzi. Nyumba ya malamulo ya Ontario inavomerezadi lamulolo mu 2020, koma analimangirira kuti lidzayamba kugwira ntchito Quebec ndi New York akadzachitanso chimodzimodzi, kuti asasiyane wotchi ndi anzawo ochita nawo malonda. Mpaka lero mawotchi a ku Toronto akusinthabe. Mu Malichi momwemu anasintha.

Koma mfundo yanu ili ndi phindu lake: musamafunse kuti "ku Canada ndi nthawi yanji", muzifunsa za mzinda. Mbali yaikulu ya Saskatchewan sasintha mawotchi. Ku America, Hawaii ndi mbali yaikulu ya Arizona sasinthanso. Aliyense atchule mzinda womwe m'bale wake akagone usiku umenewo.

Amene muli ndi kompyuta ya Linux mutha kutsimikiza nokha osadalira mutu wanga:

```
TZ=Africa/Blantyre date -d 'TZ="America/Toronto" 2025-11-04 00:00'
```

Ikuyankhani `07:00:00 CAT` pa 4 Novembala. Mukasintha detilo kukhala `2025-10-28` muona ikunena `06:00:00`. Amene mulibe, gwiritsani ntchito masamba osinthira nthawi a pa intaneti, koma musankhe omwe ali ndi poika deti, ndipo muikepo deti la kubadwalo osati la lero.

Tadala

Za ola ndamva, 7 koloko. Tsono funso langa lachiwiri lija. Pa WhatsApp ndafufuza paliponse sindikuona potcherera.

Yamikani

Simupapeza, WhatsApp yomwe tili nayo panopa ilibe batani limenelo. Pali mapulogalamu ena omwe amati amakutumizira, ndinayesapo imodzi. Imagwira ntchito ngati chala chako: nthawi ikakwana imatsegula WhatsApp, kulemba, n'kudina yokha. Ndiye imafuna foni ikhale yoyaka, ili ndi data, ndipo inandipempha kuti ndichotse loko wa pasikirini. Ndinakana. Foni yopanda loko usiku wonse, komanso pulogalamu yachilendo ikuwerenga zonse zili pasikirini, sindinazikonde. Kwa inu n'zosatheka n'komwe popeza foni idzakhala yozimitsa.

Chikondi ku Leeds

Uthenga wamba wapafoni bwanji? Pa Google Messages ukakanikiza batani lotumizira osalisiya pamabwera `Schedule send`. Ine ndimagwiritsa ntchito kukumbutsa ana anga zinthu.

a Mwale

Lilipo, koma apa ndi pamene pagona nkhani ya Tadala. Funso loyenera kufunsa pa njira iliyonse ndi lakuti: uthengawo ukudikirira kuti? Pali njira zomwe uthenga umakhala mufoni mwanu mpaka ola lake, ndipo pali zomwe umachoka mufoni nthawi yomweyo n'kukadikirira pa makompyuta a kampaniyo. Wa Google Messages umadikirira mufoni. Foni ikakhala yozimitsa kapena ilibe netiweki 7 koloko, sudzapita mpaka itayaka. Tadala akadzayatsa hafu pasiti seveni ndi pamene udzanyamuke, kwawoko ili kale 12:30. Komanso kavidiyo ka amayi sikangayende bwino pa uthenga wamba wopita kunja.

Zomwe zimadikirira kunja kwa foni ndikudziwa zitatu. Pa Telegram mumalemba, kukanikiza batani lotumizira osalisiya, n'kusankha `Schedule Message`. Imalola ndi mavidiyo omwe. Pa Gmail muli `Schedule send`: pakompyuta ili pa kamuvi ka pambali pa `Send`, pafoni ili pa timadontho titatu ta pamwamba. Pa iPhone yomwe ili ndi iOS 18 muli `Send Later`, koma imafuna kuti nonse awiri mukhale pa iMessage, ndipo siilola kutchera kupitirira masiku 14 kutsogolo. Kuchokera lero kufika pa 4 ndi masiku 15, ndiye mukanadikira kaye.

Tadala

Yanga si iPhone. Telegram ndili nayo koma achemwali alibe, ndipo ndikawauza kuti aiike adziwiratu kuti pali chomwe ndikukonza. Ndiye kwatsala imelo. Koma imelo ikumveka ngati kalata ya kuntchito. Adzaiona n'komwe usiku umenewo?

Mphatso K.

Ine imelo sindiyang'ana mpaka nditafika kuofesi. Ndikanakhala achemwali anu ndikanaiona 9 koloko m'mawa, anthu makumi awiri atandifunira kale zabwino pa WhatsApp.

Chikondi ku Leeds

Komatu kunja kuno imelo timaiyang'ana pafupipafupi, chifukwa zakusukulu kwa ana, zakuchipatala, zonse zimabwera momwemo. Ndipo taganizani: mauthenga a pa WhatsApp tsiku limenelo amakwiririka, pakatha mwezi suwapezanso. Kalata ya mng'ono wako yokhala ndi mawu a amayi ako umaisunga. Ine ndikadali ndi ya malemu achimwene anga ya mu 2019, ndimaiwerenga chaka chilichonse.

Gogo NaSoko

Ndi zomwe ndimanena ine. Chachikulu ndi zomwe zalembedwamo. Koma funso langa lija simunandiyankhe: munthu kumudzutsa?

Yamikani

Agogo, apa imelo ndiye yabwino, siilira ngati kuimba. Ndipo ambiri usiku amaika foni pa `Do Not Disturb`, zonse zimalowa mwakachetechete. Akadzuka amaona mndandanda ndi nthawi yomwe uliwonse unafikira. Wa Tadala udzaoneka kuti unafika tsiku litangoyamba, ngakhale auwerenge 6 koloko.

Gogo NaSoko

Ndiye ngati akauwerenga m'mawa, kuvutika konseku n'kwa chiyani? Sindikutsutsa ayi, ndikufuna ndimvetse.

Tadala

Agogo, chaka chilichonse kuyambira pomwe anapita, iwo amanditumizira uthenga 12 koloko yeniyeni ya kuno pa tsiku langa. Kwawoko amakhala ali panjira kuchokera kuntchito, koma samaphonya. Ine sindinawachitireko ngakhale kamodzi, nthawi zonse ndimakumbukira kuno kutacha kapena masana. Ndikufuna aone kuti nanenso ndinakhala pansi n'kuwerenga maola a kwawo.

Gogo NaSoko

Basi ndamva mwana wanga. Chita.

Limbani

Koma ine ndili ndi maganizo ena pang'ono. Achemwali anuwo anabadwira kuno, si choncho? Ndiye zaka 40 zikukwana potengera wotchi yakuno. Mutati mutumize 12 koloko ya usiku yathu, kwawoko ili 5 koloko madzulo pa 3, mudzawapeza ali maso, ndipo mudzawauza kuti kwanu kuno tsiku lanu layamba kale. Mnyamata wanga amasangalala ndikamuimbiranso tsiku lake litatha kwawo koma kuno lidakalipo.

Mphatso K.

Ayi a Limbani, tsiku lobadwa limatsata mwini wake komwe ali. Kalendala yomwe ili pakhoma pake ndiyo ikunena.

Limbani

Nanga amayi ake omwe anamubereka kalendala yawo siwerengedwa?

Chikondi ku Leeds

Amayi anga amayendera ya a Limbani, ana anga amayendera ya a Mphatso. Sindinaonepo chifukwa choletsera aliyense.

a Mwale

Imeneyo ndisalowemo, ilibe masamu. Ndibwerere kwa Tadala, chifukwa patsala msampha umodzi womwe anthu sauona. Mukamatchera pa Gmail kapena pa Telegram, ola lomwe mukusankha limawerengedwa pa nthawi ya chipangizo chanu, osati cha wolandira. Sizidziwa kuti achemwali anu ali kuti. N'chifukwa chake tikuti mulembe 7 koloko m'mawa osati 12 ya usiku. Koma zimenezi zimadalira kuti foni yanu ikudziwa bwino dera lomwe ili. Foni yanuyo munagula kuno kapena inachokera kunja?

Tadala

Anandipatsa ndi msuweni wanga atabwera kuchokera ku London. Koma nthawi imasonyeza yolondola, ndinaikonza ndekha tsiku lomwelo.

a Mwale

Mawu akuti "ndinaikonza ndekha" ndi omwe ndimawaopa. Lowani mu `Settings`, mupeze `Date & time`, mundiuze zomwe zalembedwa pa `Time zone`.

Tadala

Palembedwa London, `GMT+01:00`. Ndipo tonse tiwiri toti izidziikira yokha ndi tozimitsa.

a Mwale

Mwaona. Munasuntha manambala a wotchi koma foni ikudziwabe kuti ili ku London. Pamaso panu ikuoneka yolondola, koma m'kati mwake yasemphana ndi dziko lonse ndi ola limodzi. Mukanatchera 7 koloko ya pa 4 Novembala, foni ikanauza makompyuta a imelo kuti 7 koloko ya ku London. Pofika tsikulo London adzakhala atabweza wotchi, ali maola awiri kumbuyo kwathu. Uthenga ukanapita kuno ili 9 koloko, ku Toronto ili 2 koloko ya usiku. Ndipo Lamlungu likubwerali foni yanu ikanabwerera yokha ndi ola limodzi pamodzi ndi a Chikondi, alamu yanu ya kuntchito n'kulira mochedwa.

Yatsani tonse tiwirito, ka nthawi ndi ka dera. Ikakana kudzipezera yokha, sankhani dera pamanja mpaka muone `GMT+02:00` ndi `Central Africa Time`. Mukatero mutseke pulogalamu ya imelo n'kuitsegulanso musanatchere kalikonse.

Tadala

Mayo ine. Ndakonza, tsopano ikuti `Central Africa Time`. N'kutheka kuti n'chifukwa chake mauthenga a anthu amaoneka ndi nthawi yachilendo, ena ngati afika ndisanawafunse funso?

a Mwale

Chimenecho ndiye chizindikiro chake. Wina aliyense pano amene mauthenga ake amasonyeza nthawi yosemphana ndi wotchi ya pakhoma, kapena akuoneka osatsatana bwino, ayang'ane pomwepo.

Yamikani

Musanatchere weniweniwo yesani kaye. Dzilembereni imelo nokha, muitchere kuti ipite pakatha mphindi khumi, muzimitse foni, mudikire kotala la ola n'kuyatsa. Ikapezeka yafika pa nthawi yomwe munaika foni ili chizimire, ndiye kuti zonse zili bwino. Mukatchera weniweniwo mukauone mu `Scheduled`, muwerenge deti ndi ola mokweza. Ine ndikanachita zimenezi chaka chija ndikanaona 14 ija.

Chikondi ku Leeds

Kavidiyo kaja kasapitirire 25 MB, apo ayi Gmail ikasandutsa linki ya Google Drive, ndipo muyenera kuonetsetsa kuti achemwali aloledwa kukatsegula. Ndipo mudikire kamalize kukwera musanazimitse data.

Tadala (Lachiwiri, 21 Okutobala)

Ndayesa monga ananenera a Yamikani, yafika foni ili yozimitsa. Kavidiyo ndi ka 18 MB, kalowa. Ndatchera Lachiwiri pa 4 Novembala, `7:01 AM`. Mphindi imodziyo ndawonjezera dala kuti deti la pa 4 lioneke mosakayikitsa. Ndapemphanso mchimwene wanga wamng'ono kuti ikadzakwana 7 koloko adzawalembere pa WhatsApp kuti "tsegulani imelo", iye sadzakhala kuntchito.

a Mwale

Zili bwino. Musadabwe ikachedwa ndi mphindi zingapo, imelo yotchera nthawi zina imatero. Chomwe chatsala n'chomwe foni singakuuzeni: mutsimikize kuti usiku umenewo adzagona ku Toronto. Munthu wokwanitsa zaka 40 amatha kutengedwa ulendo. Akapita ku Chicago, mwachitsanzo, ndi ola linanso kumbuyo, ndipo 7:01 yanu idzawapeza ili 11:01 usiku pa 3.

Tadala

Ndifunsa alamu anga mwakachetechete.

Tadala (Lachiwiri, 4 Novembala)

Ndangofika kunyumba. Nditayatsa foni ndapeza andiyankha kale. Alamu anati sapita kulikonse, ndipo anawachedwetsa dala kugona. Anditumizira chithunzi cha sikirini yawo, palembedwa `12:02 AM`, Nov 4. Akuti kavidiyo ka amayi akaonera katatu. Mchimwene wanga uja anagonereza, walemba 8 koloko, koma sizinafunikenso. Agogo, dzina laubwana lija ndi lomwe ayamba kuliyankha. A Mwale, a Yamikani, a Chikondi, zikomo kwambiri.

Gogo NaSoko

Ambuye awasunge achemwali akowo. Tsono ukagone, wagwira ntchito usiku wonse.

Mphatso K.

Ndiye ndinalakwa za imelo. Komabe pakanapanda alamuwo akanaiona m'mawa.

Limbani

Zasangalatsa. A Mwale, langa lija lasinthanso. Mnyamata wanga wandiuza dzulo kuti mwezi wamawa kampani yawo ikumutumiza ku Brisbane kwa masabata awiri, ndipo sakudziwa ngati pa 11 usiku adzakhale atabwerera. Ndi dziko lomwelo, gombe lomwelo, ndiye 3 koloko ija ikhalebe?

a Mwale

Ayi. Brisbane ili ku Queensland, ndipo kumeneko sasintha mawotchi, ali maola 10 kutsogolo kwa UTC chaka chonse. Mu Disembala Sydney ndi Brisbane amasiyana ndi ola. Akagona ku Sydney ndi 3 koloko masana pa 11, akagona ku Brisbane ndi 4 koloko yanu yakale ija. Ngati simudziwa mpaka tsikulo, 4 koloko siingakugwetseni pa deti lolakwika kulikonse komwe ali, pomwe 3 koloko ingamupeze ku Brisbane idakali 11 usiku. Tikiti yobwerera wagula ya tsiku liti?

Limbani

Akuti agula ndi akuntchito, sanamuuzebe. Ndimufunsanso Loweruka.